Muli pa ntchito tsiku lonse, mu akaunti muli madola 100: mutsegule tchati chiti?

Munthu akangotsitsa pulogalamu yochitira malonda ya MetaTrader pafoni n'kutsegula tchati cha EURUSD, chimene chimaonetsa mtengo wa yuro m'madola, amapeza mndandanda wa zilembo zoti asankhepo: M1, M5, M15, M30, H1, H4, D1, W1 ndi MN. Ochita malonda a foreksi, ogula ndi kugulitsa ndalama zakunja, amazitchula kuti taimufulemu. Chilichonse chimanena kutalika kwa nthawi imene kandulo imodzi, kachithunzi koonetsa mmene mtengo wayendera, ikuimira. Pa M5 kandulo imayamba n'kutsekeka m'mphindi 5, pa H4 m'maola 4, pa D1 imatenga tsiku lathunthu. Mtengo wake ndi umodzi womwewo, chimasintha ndi mmene waduliridwa. Mu kandulo imodzi ya D1 muli makandulo 6 a H4, 24 a H1 ndi 288 a M5.

Ambiri oyamba kumene amathamangira ku M1 ndi M5, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kumeneko zinthu zimayenda maso akuona, ndipo munthu wa ndalama zochepa amaganiza kuti tchati chaching'ono ndiye choyenera akaunti yaing'ono. Ine ndikuona kuti kwa munthu amene amalowa ntchito m'mawa n'kuweruka madzulo, ganizo limeneli ndi limene limamaliza akaunti msanga kuposa china chilichonse. Taimufulemu sisankhidwa potengera kumene mtima wakonda. Pali zinthu ziwiri zimene zimakusankhirani: wotchi yanu ndi kukula kwa akaunti yanu. Vuto ndi lakuti ziwirizi zimakokera kosiyana. Wotchi imakukankhirani ku matchati aakulu, pomwe akaunti imakukokerani ku ang'onoang'ono. Nkhani yonse yagona pa mmene mungathetsere kukokanaku.

Wotchi ya msika ndi wotchi ya kuntchito

Msika wa foreksi umatsegula usiku wa Lamlungu n'kutseka usiku wa Lachisanu, koma suyenda mofanana maola onse. Ndalama monga yuro ndi paundi zimagwedezeka kwambiri mabanki a ku London akatsegula, ndiponso pamene London ndi New York zikugwira ntchito nthawi imodzi. Pa nthawi yathu, imene ndi yofanana ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, London imayamba cha m'ma 9 koloko m'mawa m'miyezi ya pakati pa chaka, ndipo cha m'ma 10 koloko kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Malichi, chifukwa azungu amasuntha mawotchi awo pomwe ife sitisuntha. New York imalowa cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana. London imaweruka cha m'ma 6 kapena 7 koloko madzulo.

Taonani tsopano maola amenewa pafupi ndi tsiku la munthu wolembedwa ntchito. Nthawi imene msika uli pa liwiro ndi yomwe iye ali kutsogolo kwa kalasi, pa kauntala ya banki, mu wodi kapena pa msonkhano ndi bwana. Akaweruka cha m'ma 5, n'kudikira minibasi, amafika kunyumba London ikutseka. Chimatsala ndi chigawo chachiwiri cha tsiku la ku New York, chimene masiku ambiri chimakhala chozizira, kupatula usiku umene banki yaikulu ya ku America ikulengeza za chiwongoladzanja, cha m'ma 8 kapena 9 koloko, ndipo usiku umenewo si wa munthu wophunzira. Choncho amene akuti adzachita M5 akaweruka amafika pa msika anzake atapakira kale.

Ena amati adzangosuzumira pafoni ali kuntchito. Tiyeni tione chimene M5 imafuna. Pa maola 9 a ntchito pamatsekeka makandulo 108. Chizindikiro cholowera chikaoneka pa kandulo imodzi, pakatha mphindi 10 chimakhala chitapita. Mukalowa, thiredi, kutanthauza kugula kapena kugulitsa kumene mwachitako, ikhoza kufika pa phindu kapena pa kuluza musanamalize kuthandiza kasitomala mmodzi. M5 ili ngati nsima ya pamoto, imafuna mthiko m'manja nthawi zonse, pomwe D1 ili ngati nyemba zimene mumatereka n'kukagwira zina. Kuphatikiza apo pali netiweki imene imathawa pa nthawi yolakwika, magetsi kuzima foni ili pafupi kutha moto, ndi bandulo kutha pakati pa thiredi. Ndipo tisaiwale kuti malipiro a kumapeto kwa mwezi ndi amene akudyetsa banja komanso kuika ndalama mu akauntiyo. Kuwaika pachiswe chifukwa cha thiredi ya dola imodzi n'kulakwitsa masamu.

Lamulo limene ndimalikhulupirira ndi ili: sankhani taimufulemu imene mungathe kuona makandulo ake akangotsekeka, muli phee, tsiku lililonse, popanda kubisala. Kandulo isanatsekeke sinanene kalikonse. Ikhoza kuoneka yamphamvu yokwera pakati pa nthawi yake, koma n'kudzatsekeka itabwerera pansi n'kusiya mchira wautali pamwamba, umene ukunena zosiyana kotheratu.

Nthawi yotsekera makandulo imadalira wotchi ya seva ya buloka wanu, kampani imene munatsegulako akaunti. Mabuloka ambiri amaika wotchi yawo kuti kandulo ya D1 izitsekeka 5 koloko madzulo ku New York. Kwathu kuno imeneyo ndi 11 koloko usiku kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 12 koloko pakati pa usiku miyezi yotsalayo. Pa seva yotere makandulo a H4 amatsekeka 3 koloko usiku, 7 ndi 11 m'mawa, 3 masana, 7 madzulo ndi 11 usiku m'miyezi ya pakati pa chaka, ndipo miyezi inayo zonse zimasunthira kutsogolo ndi ola limodzi. Mabuloka ena amatsata nthawi ya GMT, ndipo kwa iwo tsiku limatha 2 koloko usiku pa nthawi yathu. Musaganizire. Tsegulani Market Watch pa kompyuta, kapena onani nthawi ya kandulo yomaliza ya M1 pafoni, muyerekeze ndi wotchi ya pamkono panu, mulembe kusiyana kwake.

Mukatero muona kuti D1 imakwana m'moyo wa munthu aliyense wa pa ntchito. Kandulo imatsekeka muli mtulo, maola otsatira ndi a misika ya ku Asia pamene yuro kawirikawiri siyenda patali, ndipo mukadzuka 5 koloko muli ndi mphindi 20 zoonera tchati musanasambe. H4 imatheka kwa amene ali ndi mpata woona makandulo atatu kapena anayi pa asanu ndi limodzi aja, mwachitsanzo asanalowe ntchito, pa nkhomaliro ndi madzulo. H1 ndi yovuta kale. Kutsika pansi pa pamenepo ndi ntchito ya tsiku lonse, ndipo inu muli nayo kale ina.

Pamene akaunti ikukana

Zikanakhala za wotchi yokha, nkhani ikanathera pa D1. Koma tchati chikakula, sitopu nayo imakula. Sitopu, kapena kuti Stop Loss, ndi mtengo umene mumauza buloka kuti akatseke thiredi mukapezeka kuti mwalakwa, ndipo iyenera kukhala kunja kwa kugwedezeka kwa masiku onse kwa tchati chimene mukugwiritsa ntchito. Pali chida choyezera kugwedezekaku chotchedwa ATR, chimene J. Welles Wilder anachifotokoza mu 1978, ndipo chili mu MetaTrader pa dzina la Average True Range. Mukachisiya pa 14, chimakuuzani kutalika kwa kandulo wamba pa makandulo 14 apitawa. Pa EURUSD nambalayi imasintha ndi nyengo, koma pa D1 si zachilendo kuipeza pakati pa mapipu 50 ndi 100, pa H4 mapipu makumi awiri kapena atatu, pa M5 mapipu ochepa chabe. Pipu pa EURUSD ndi kusuntha kwa 0.0001, monga kuchoka pa 1.0900 kufika pa 1.0901.

Tsopano ndalama. Kukula kwa thiredi kumayezedwa m'maloti. Loti yathunthu, 1.00, ndi mayuro 100,000, ndipo pipu iliyonse ndi madola 10. Loti yochepetsetsa imene akaunti wamba imalola ndi 0.01, imene ndi mayuro 1,000, ndipo pipu iliyonse ndi masenti 10. Akadaulo ambiri amalangiza kuti thiredi imodzi isamadye kuposa 1 kapena 2 peresenti ya akaunti. Pa madola 100, 1 peresenti ndi dola imodzi. Dola imodzi pa masenti 10 pipu iliyonse imakupatsani sitopu ya mapipu 10 basi.

Apa ndi pamene munthu amakodwa. Sitopu ya mapipu 90 pa D1, pa loti ya 0.01, ndi madola 9, kutanthauza 9 peresenti ya akaunti pa thiredi imodzi. Sitopu ya mapipu 40 pa H4 ndi madola 4. Imene ikukwana mu dola imodzi ija ndi ya M5 yokha. Choncho amene amati akaunti yaing'ono imafuna tchati chaching'ono sakunama pa masamu ake. Akungoona mbali imodzi.

Pali njira ziwiri zolakwika zotulukira mu msamphawu. Yoyamba ndi kukhala pa D1 n'kuvomera kuluza madola 9 nthawi iliyonse. Kuluza kasanu ndi kamodzi motsatizana si chinthu chodabwitsa, chimachitikira ngakhale anthu odziwa ntchito yawo. Pa madola 9 thiredi iliyonse, akaunti imatsika kuchoka pa 100 kufika pa 46, ndipo kuti ibwerere pamene inali iyenera kukula kuposa kawiri. Pa dola imodzi thiredi iliyonse, kuluza komweko kumakusiyani ndi madola 94. Njira yachiwiri yolakwika ndi kuwerenga tchati pa D1 koma kuika sitopu ya mapipu 10 kuti masamu akwane. Sitopu yotere ili m'kati mwa kupuma chabe kwa msika. Imagundidwa dzuwa lisanafike pamutu, kenako mtengo n'kupita komwe munaganiza kuja inu mutatuluka kale.

Levareji sithandiza pano, ngakhale mabuloka amailengeza ndi zilembo zikuluzikulu. Levareji ya 1:500 imangochepetsa ndalama ya chikole imene buloka amagwira mukatsegula thiredi. Sichepetsa zimene mumaluza pa pipu iliyonse. Ndi madola 100 ikhoza kukulolani kutsegula loti ya 0.40, imene pipu yake ndi madola 4, ndipo mapipu 25 okha akwanira kusesa zonse.

Mtengo wobisika wa tchati chaching'ono

Tiyerekeze kuti mwapeza mpata, muli pa tchuthi, ndipo mungathe kukhala pa M5 tsiku lonse. Pali chinthu china chimene chimakudikirani kumeneko. Buloka amakugulitsani pa mtengo wokwera pang'ono, Ask, n'kukugulani pa wotsika pang'ono, Bid. Kusiyana kwake ndiko sipuredi, ndipo mumailipira pa thiredi iliyonse, mwapindula kapena mwaluza. Tinene kuti pa akaunti yanu ndi mapipu 1.2. Sipurediyi ndi yomweyo kaya mwalowera pa M5 kapena pa D1. Chimasiyana ndi kukula kwa chimene mukusaka.

Pa M5, mukasaka mapipu 10 a pa tchati ndi sitopu ya mapipu 10, zoona zake n'zakuti mukapambana mumatenga 8.8, mukaluza mumataya 11.2. Kuti mungobweza ndalama zanu, osapindula kanthu, muyenera kupambana mathiredi 56 pa 100 alionse. Ndipo pa M5 munthu salowa kamodzi. Mathiredi 5 pa tsiku, masiku 20 pa mwezi, ndi mathiredi 100. Pa loti ya 0.01 sipuredi yokha yadya madola 12, kapena kuti 12 peresenti ya akaunti, musanawerengere kulakwitsa kwanu kulikonse.

Pa D1 mapipu 1.2 omwewo pa sitopu ya 90 ndi kanthu kochepa. Koma D1 ili ndi msonkho wakewake umene tisaubise. Thiredi ikagona, buloka amadula kapena kuwonjezera swapu, imene imachokera pa kusiyana kwa chiwongoladzanja cha ndalama ziwirizo, ndipo pa ndalama zambiri usiku wa Lachitatu amawerengera katatu kuti alipirire Loweruka ndi Lamlungu. Ngati swapu yanu ikufanana ndi mapipu 0.7 usiku uliwonse, thiredi ya sabata yathunthu idya pafupifupi mapipu 5. Pamodzi ndi sipuredi ndi mapipu 6 pa 90, pafupifupi 7 peresenti ya zimene mwaika pachiswe, poyerekeza ndi 12 peresenti ya pa M5. Kusiyana kwenikweni kuli pa kuchuluka kwa maulendo: pa D1 mumalipira kanayi kapena kasanu pa mwezi, osati ka 100.

Zimenezi si zongoganizira. Ofufuza a ku Brazil, Fernando Chague, Rodrigo De-Losso ndi Bruno Giovannetti, anatsata anthu amene anayamba malonda ogula ndi kugulitsa tsiku lomwelo pa msika wa m'dziko lawo pakati pa 2013 ndi 2015. Mwa amene anapirira masiku opitirira 300, 97 pa 100 alionse anataya ndalama. Sunali msika wa foreksi, koma mtundu wa ntchito ndi womwewo, ndipo amenewo anali anthu olimbikira, osati ongoyesa. Kukwera ku D1 sikusandutsa munthu kukhala wopambana. Bungwe loyang'anira misika ku Ulaya, ESMA, linanena mu 2018 kuti maakaunti 74 mpaka 89 pa 100 a anthu wamba pa malonda a CFD, obetcha pa kukwera kapena kutsika kwa mtengo popanda kugula chinthu chenichenicho, amaluza. Chimene D1 imachita ndi kuchepetsa liwiro la kuluzako kuti munthu apeze nthawi yophunzira ndalama zisanathe.

Chepetsani loti, musachepetse tchati

Yankho la kukokana kuja ndi kusiya wotchi isankhe tchati, kenako n'kufunafuna njira yoti loti ikwane. Mabuloka angapo ali ndi akaunti ya masenti. Mukaikamo madola 100, pa sikirini amaoneka ngati 10,000, chifukwa zonse zikuwerengedwa m'masenti, ndipo loti yake kwa ambiri ndi yochepa ka 100 poyerekeza ndi ya akaunti wamba. Loti ya 1.00 imakhala mayuro 1,000, pipu yake masenti 10. Mabuloka amasiyana pa kawerengedwe kameneka, choncho musanatsegule thiredi yoyamba pitani pa Specification kapena Properties ya EURUSD muone Contract size. Palinso mabuloka ena amene amalola kulemba chiwerengero chenicheni cha mayuro amene mukufuna, kaya ndi 100 kapena 150. Masamu ake ndi amodzi:

```
loti = zoluza / (mapipu a sitopu * mtengo wa pipu pa loti 1.00)
```

Tiyeni tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Mitengo yake ndi yongoyerekeza. Mayi wina ndi kalaliki, amalowa ntchito 7:30 m'mawa n'kuweruka 4:30 madzulo, ndipo ali ndi madola 100 mu akaunti ya masenti. Ndi mwezi wa Juni, kandulo ya D1 yatsekeka 11 koloko usiku wapitawo. Lachiwiri 5:30 m'mawa akutsegula EURUSD pa D1. Kwa masabata angapo mtengo wakhala ukukwera, nsonga iliyonse ikuposa yapitayo. Masiku anayi apitawa wabwerera pansi mpaka 1.0820, pamalo pamene unaimapo kale mwezi wathawo. Kandulo ya dzulo yatsikira pamenepo, yakanidwa, n'kutsekeka pa 1.0885, nsonga yake ili pa 1.0895. ATR ikuonetsa mapipu 70.

Mayiyu sakugula pompo. Akuika oda ya Buy Stop pa 1.0900, pamwamba pang'ono pa nsonga ya dzulo, kuti alowe pokhapokha msika ukasonyeza kuti ukupitirira kukwera. Stop Loss akuiika pa 1.0810, pansi pa pamene mtengo unakanidwa, chifukwa ukafika pamenepo ndiye kuti ganizo lake lonse lagwa. Kutalika kwake ndi mapipu 90, kupitirira ATR, ndiye kuti kugwedezeka kwa tsiku limodzi wamba sikungaifike mosavuta. Akuyang'ana kumanzere kwa tchati, akuona kuti nsonga yaikulu yakale ili pa 1.1100, ndipo akuika Take Profit, mtengo wotsekera thiredi ndi phindu, pansi pake pang'ono, pa 1.1080. Amenewo ndi mapipu 180, kawiri ka zimene angaluze. Chikhala kuti nsonga yakaleyo inali pa 1.0960, akanaisiya thirediyi, chifukwa malo othamangira akanakhala ochepa kuposa sitopu.

Loti ikubwera pomaliza, osati poyamba. Zoluza ndi dola imodzi, sitopu ndi 90, pipu pa loti 1.00 ya akaunti yake ndi madola 0.10.

```
1 / (90 * 0.10) = 0.11
```

Akulemba 0.11, akuika Expiration kuti oda ife yokha ikapanda kugwira pofika mawa usiku, akutseka foni, akupita kuntchito. Maoda onsewa amakhala pa seva ya buloka, choncho amagwira ngakhale foni itazima kapena bandulo itatha. Chokhacho choti musadalire ndi Trailing Stop ya MetaTrader ya pa kompyuta, sitopu imene imasuntha yokha potsatira mtengo, chifukwa imeneyo imagwira pokhapokha pulogalamu ili yotsegula ndipo intaneti ilipo.

Oda ikugwira cha m'ma 10 koloko, London ili m'kati, iye ali pa mafailo ake. Lachitatu m'mawa akupeza mtengo uli pa 1.0870, thiredi ili pansi ndi mapipu 30. Apa ndi pamene D1 imayesa munthu. Mapipu 30 ndi osakwana theka la ATR, kandulo sinatsekeke pansi pa 1.0820, palibe chimene chasintha pa chifukwa chimene analowera. Sakhudza kanthu. Lachisanu loyamba la mwezi nthawi zambiri ku America kumatuluka chiwerengero cha anthu olembedwa ntchito, chimene amachitcha NFP, 2:30 masana pa nthawi yathu m'miyezi imeneyi. Iye amaona kalendala ya nkhani zachuma Lamlungu lililonse, ndipo pa sabata yotere sangaike oda yatsopano Lachinayi usiku kapena Lachisanu m'mawa. Thiredi ikafika pa 1.1080 sabata yotsatira, wapeza madola 1.98, kuchotsapo swapu ya masenti ochepa. Ikabwerera pa 1.0810, wataya masenti 99.

Ndikudziwa kuti wina akawerenga madola awiri pa sabata ndi theka agwa ulesi. Koma ndi bwino kuimva nkhaniyi mmene ilili. Akaunti ya madola 100 singalipire lendi pa taimufulemu iliyonse. Ngakhale munthu atapeza 5 peresenti pa mwezi, zimene akadaulo ambiri sazikwanitsa mosalekeza, ndi madola 5. Amene amaonetsa zithunzi za madola 100 atasanduka 1,000 m'sabata amakhala atatsegula maloti ngati 0.40 uja, ndipo zithunzi za masabata amene akaunti inapsa sazionetsa. Kwa ife a ku Malawi, kumene dola ndi yosowa ndipo kutulutsa ndalama zakunja kuli ndi malamulo ake a Reserve Bank of Malawi oyenera kuwadziwa musanatumize kalikonse, madola 100 amenewo sabwezeretseka mosavuta. Ntchito yawo ndi kukuphunzitsani kwa chaka chathunthu, osati kutha m'masabata awiri.

Ngati buloka wanu alibe akaunti ya masenti, masamu omwewa amakuuzani pamene mungayambire. Pa loti ya 0.01 ndi 1 peresenti, sitopu ya mapipu 40 ya H4 imafuna akaunti ya madola 400, ndipo ya mapipu 90 ya D1 imafuna madola 900. Mukalola 2 peresenti, ziwerengerozi zimatsika ndi theka. Ngati simunafike pamenepo, khalani pa akaunti ya demo, ya ndalama zongoyeserera, koma muiike pa ndalama zofanana ndi zimene mudzakhale nazo, osati madola 100,000 amene amakupatsani poyamba. Golide, XAUUSD, amene achinyamata ambiri amamukonda, ndi woopsa kwambiri pa nkhaniyi: kwa mabuloka ambiri loti ya 0.01 ndi aunsi imodzi, mtengo ukasuntha dola imodzi inunso mwapeza kapena mwataya dola imodzi, ndipo golide amayenda madola makumi angapo pa tsiku.

Zimene D1 imakulandani

Choyamba ndi chakuti thiredi imagona, ndipo nthawi zina imadutsa Loweruka ndi Lamlungu. Nkhani yaikulu ikachitika msika uli wotseka, mtengo ukhoza kutsegulira kutali, kudumpha sitopu yanu, ndipo buloka amakutsekerani pa mtengo woyamba umene wapezeka. Ngakhale m'kati mwa sabata zimachitika: pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya ku Switzerland inachotsa mwadzidzidzi malire a 1.20 amene inkasunga pakati pa yuro ndi faranka, ndipo masitopu ambiri anatsekedwa kutali kwambiri ndi pamene anaikidwa. Chitetezo chokha pa zotere ndi loti yaing'ono.

Chachiwiri ndi kuchedwa kwa maphunziro. Chaka chonse chili ndi makandulo a D1 pafupifupi 260, ndipo pa EURUSD yokha mwina mungapeze mipata iwiri kapena itatu pa mwezi. Kuti mudziwe ngati njira yanu ili ndi mphamvu pamafunika mathiredi makumi angapo. Mankhwala ake si kutsikira ku M5. Loweruka tsegulani MetaTrader pa kompyuta, zimitsani Auto Scroll, bwererani m'mbuyo zaka zitatu, kenako dinani F12 kuti tchati chiziyenda kandulo imodziimodzi. Paliponse pamene mukanalowa, lembani m'kope mtengo wolowera, sitopu ndi zotsatira musanaone kutsogolo. Mungawonjezerenso ndalama zina ziwiri kapena zitatu zoti muziziona m'mawa, koma kumbukirani kuti EURUSD ndi GBPUSD kawirikawiri zimayendera limodzi, choncho kugula zonse ziwiri kuli pafupi ndi kutsegula thiredi imodzi kawiri.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chimaononga zonsezi ngakhale mutasankha bwino, ndicho kusintha tchati thiredi ili m'kati. Munthu amalowa pa D1, pa nkhomaliro n'kutsegula M5, n'kuona makandulo ofiira asanu otsatizana, mtima n'kugunda, n'kutseka thiredi imene inalibe vuto. Wina amachita mosemphana: amalowa pa M15, mtengo ukayandikira sitopu amaichotsa, n'kutsegula D1 kuti adzitonthoze kuti msika ukukwerabe. Tchati chimene munalowera ndi chomwe chiyenera kukutulutsani. Kuona W1 kuti mudziwe kumene msika walunjika n'kwabwino, bola muchite zimenezo musanaike oda.

Mbiri ya akaunti yanu ikhoza kukuuzani ngati taimufulemu ikukuyenerani. Tsegulani History, muone mathiredi 20 omaliza. Ngati ambiri munawatsegula pa maola a ntchito, pa mphindi zosagwirizana ndi kutsekeka kwa kandulo iliyonse, ndiye kuti mukuthamangitsa msika. Ngati ambiri munawatseka ndi dzanja asanafike pa sitopu kapena pa Take Profit, loti ndi yaikulu kuposa mtima wanu, kapena mukusuzumira matchati ang'onoang'ono. Ngati masitopu akugundidwa cha m'ma 11 kapena 12 koloko usiku, imeneyo ndi nthawi imene tsiku la msika limasintha ndipo sipuredi imatambasuka kwa mphindi zingapo. Tchati chimaonetsa Bid, koma thiredi yogulitsa imatsekedwa pa Ask, choncho sitopu yoyandikira ikhoza kugundidwa kandulo isanaikhudze n'komwe. Mukapeza zimenezi zikubwerezabwereza pa H4, talikitsani sitopu ndi kuchepetsa loti molingana, kapena kwerani ku D1 n'kuwerengeranso loti kuyambira pa dola imodzi ija.